Kalata yokumbutsa ku ofesi ya boma: mmene mungatchulire nambala ya fayilo, madeti ndi makalata akale

Azakhali anga a cha ku Khombedza anafika kwathu pa Kamuzu Road ku Salima dzuwa lili paliwombo, atamanga kajumbo ka shuga pansonga ya chitenje. M'kajumbomo munali mapepala okhudza ndalama za amuna awo, amene anamwalira ali pa ntchito ya boma. Anali atalemba kale makalata atatu, ndipo ku ofesi anali atapondako kanayi. Ulendo uliwonse ankabwera ndi yankho limodzi: “Mayi, tifufuza, mubwerenso.”

Ndinatenga kope la kalata yawo yachitatu n'kuwerenga. Inali ya masamba awiri, yolembedwa mwaulemu, yofotokoza za fizi ya ana, denga lodontha ndi ngongole ya feteleza. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinandikhudza. Koma m'masamba awiriwo munalibe nambala ngakhale imodzi. Pofuna kukumbutsa za ulendo wawo wakale, analemba kuti: “Ndinabwera nthawi ya mvula ija, ndinaonana ndi bambo wamtali wovala magalasi.” Dzina la amuna awo linali pakati pa tsamba lachiwiri, ndipo pansi anasaina dzina lawo la kumtundu.

Ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki m'chipinda chosungira mafayilo, chomwe a m'maofesi amachitchula kuti rejisitile. Kalata yotere ndimaidziwa kumene imakathera. Kalaliki amaitembenuza uku ndi uku, kusowa fayilo yoti aiikemo, kenako amaiponya m'fayilo ya makalata osiyanasiyana, kapena m'thireyi ya zodikira, momwe ikhoza kukhala mpaka pepala kufiira.

Njira imene kalata yanu imayenda

Musanalembe kalikonse, dziwani kaye zimene zimachitika kuseri kwa kauntala. Kalata ikafika, kalaliki amaidinda chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa, n'kuilemba m'kaundula wa makalata obwera: deti, kumene yachokera, mutu wake, ndi nambala ngati ilipo. Kenako amafufuza fayilo ya nkhaniyo, kuboola kalatayo pakona, kuimanga pamwamba pa mapepala akale, ndi kuipatsa nambala ya tsamba. Fayilo yonse ndiye imapita kwa bwana woyenera, ndipo potuluka imalembedwa kuti yapita kwa yani, tsiku liti. Bwana sayankha kalata yoyenda yokha, chifukwa amafuna kuona zimene zinalembedwa kale pa nkhaniyo.

Ndiye onani: makaundula amatsata madeti, pamene mashelefu amatsata manambala. Mukapatsa kalaliki deti, amatsegula buku n'kuyendetsa chala pa tsamba limodzi. Mukam'patsa nambala, amapita pa shelefu imodzi. Mukangom'patsa dzina, makamaka la Banda kapena Phiri, mwam'patsa ntchito ya tsiku lonse, pamene pa benchi pali anthu ena makumi awiri akudikira. Ngakhale maofesi amene ali ndi makompyuta amafunabe nambala kuti dzina lolondola lituluke.

Gawo loyamba: yalani mapepala onse motsata madeti

Tinayala mphasa pakhonde n'kukhuthula kajumbo kaja. Chitaninso chimodzimodzi. Tulutsani chilichonse: makalata ochokera ku ofesi, makope a makalata anu, malisiti, peyisilipu yomaliza, ngakhale kapepala kong'ambidwa m'kope kamene wina anakulemberani ku ofesi. Muziyale kuyambira chakale kwambiri kufika chatsopano. Envelopu musataye, chifukwa chidindo cha ku positi ofesi nthawi zina chimasonyeza tsiku pamene kalata yeniyeniyo yafufutika.

Mukatero tengani kope la sukulu, mulembe mzere umodzi pa pepala lililonse: deti, yemwe analemba, yemwe analandira, nambala, ndi mawu ochepa a zimene zili m'katimo. Kwa azakhali tinapeza mizere isanu. Manambala amene ndalemba m'nkhani ino ndawasintha, ndi achitsanzo chabe, koma kaimidwe kake n'komweko.

Pa 5 Febuluwale 2024 azakhali anapereka kalata yoyamba pamodzi ndi chikalata cha imfa. Pa 18 Malichi 2024 ofesi inawayankha, kupempha makope a zitupa za onse oyenera kulandira. Pa 2 Epulo 2024 anakapereka zitupazo pamanja. Pa 20 Meyi 2024 analemba yokumbutsa. Yachitatu ija inalibe deti konse, tinangoyerekeza kuti inali ya mu Juni.

Pepala la mtengo wapatali pa onsewo linali la pa 18 Malichi, ndipo azakhali anali atalipinda kanayi n'kuliika pansi penipeni, poti amati zimene linapempha anazipereka kale.

Gawo lachiwiri: pezani nambala ya fayilo ndipo muikopere ndendende

Kalata ya boma imakhala ndi nambala pamwamba, kawirikawiri kudzanja lamanzere, pambuyo pa mawu akuti Ref. No., ndipo deti limakhala kudzanja lamanja. Maofesi ena amalemba Our Ref, kutanthauza nambala yawo, ndi Your Ref, kutanthauza nambala ya amene akumuyankha. Pa kalata ya azakhali panalembedwa chonchi:

Ref. No. AB/PF/2317/14

Si ofesi iliyonse imene imasanja manambala mofanana, koma nthawi zambiri zilembo zoyamba zimasonyeza ofesi kapena nthambi, zotsatira zimasonyeza mtundu wa fayilo, kenako nambala ya fayiloyo. PF ndi fayilo ya munthu mmodzi wogwira ntchito, yosiyana ndi mafayilo a nkhani wamba. Nambala yakumapeto kawirikawiri imakhala ya tsamba, kutanthauza kuti kope la kalatayo ndi pepala la nambala 14 m'fayilomo. Chifukwa chake musadabwe kalata ina ikadzabwera ndi nambala yofanana koma yothera 19 kapena 23. Fayilo ndi yomweyo, yangonenepa. Polemba, tchulani kalata iliyonse ndi nambala yake yonse, kuphatikizapo yakumapetoyo, chifukwa ndi imene imafikitsa chala cha bwana pa pepala lenileni.

Pokopera pali misampha itatu imene ndinaiona kambirimbiri. Woyamba ndi kusiya timizere tolekanitsa, n'kulemba 231714 ngati nambala ya foni. Wachiwiri ndi kusokoneza chilembo O ndi 0, kapena I ndi 1, makamaka pa fotokope yotuwa. Wachitatu ndi kusiya mawu akuti Vol. II kapena Vol. III. Fayilo ikadzaza imatsekedwa n'kutsegulidwa ina ya nambala yomweyo, ndipo yakaleyo ikhoza kusungidwa m'chipinda china. Munthu amene wagwira ntchito zaka 25 akhoza kukhala ndi mafayilo awiri kapena atatu otere. Mukamaliza kukopera, uzani mwana awerenge mokweza pa kalata yeniyeni inu mukuyang'ana zimene mwalemba.

Pali nambala yachiwiri imene muyenera kuiika pambali pa ya fayilo, ndiyo nambala ya munthu mwini. Kwa wogwira ntchito m'boma ndi nambala ya pa ntchito, imene imapezeka pa peyisilipu. Kwa ena onse ndi nambala ya chitupa cha unzika, chija tinayamba kulembetsa mu 2017. Ubwino wa manambala amenewa ndi wakuti sasintha mukachoka ofesi iyi kupita ina, pamene nambala ya fayilo imasintha. Pa nkhani ya malo, ntchito yomweyi imagwiridwa ndi nambala ya puloti ndi ya lisiti lomwe munalipirira.

Gawo lachitatu: dziwani kuti fayilo ili m'dzina la yani

Apa ndi pamene azakhali anagwera, ndipo amasiye ambiri amagwera pomwepa. Fayilo inali m'dzina la amuna awo, poti wogwira ntchito anali iwowo. Azakhali ankalemba ndi kusaina dzina lawo la kumtundu, lomwe pa shelefu iliyonse ya ofesiyo panalibe. Kalaliki akafunsa kuti “Dzina, mayi?” iwo ankatchula lawo, mwaulemu wake, ndipo kufufuza kunkayambira polakwika.

Dzina la mwini fayilo lilembedwe pa mutu wa kalata, ndi zilembo zikuluzikulu, ndiponso molingana ndi mmene lilili pa peyisilipu kapena pa kalata ya ku ofesi. Ngati kumudzi ankadziwika ndi dzina lina, la kutchalitchi kapena la kumzikiti, limenelo lisiyeni. Kuno kunyanja si zachilendo munthu kukhala ndi dzina la kusukulu ndi lina la pakhomo. Ngati kalembedwe ka pa chitupa kakusiyana ndi ka pa peyisilipu, mwina ndi chilembo chimodzi chokha, nenani poyera m'kalatamo kuti pa chitupa palembedwa chakuti, pa peyisilipu chakuti, munthu ndi mmodzi. Mukabisa, kusiyanako kudzatulukira patsogolo, fayilo n'kubwezedwa.

Gawo lachinayi: madeti alembedwe okwanira, mwezi m'mawu

Mawu ngati “mwezi watha”, “chaka chatha” kapena “titangokolola” amataya tanthauzo kalata ikagona milungu isanu ndi umodzi m'thireyi. Lembani tsiku, mwezi ndi chaka. Mwezi muulembe m'mawu. Kuno 02/04/2024 timawerenga kuti 2 Epulo, koma makompyuta ena amayamba ndi mwezi, ndipo wina akhoza kuwerenga kuti 4 Febuluwale n'kukatsegula kaundula pa tsamba lolakwika.

Kalata imodzi imakhala ndi madeti awiri, ndipo onse ndi ofunika. Pali deti limene munalemba, ndi deti limene ofesi inalandira. Kaundula amatsata lachiwirili. Kalata yolembedwa ku Khombedza pa 20 Meyi, yopatsidwa kwa mphwanu kuti akaisiye akamapita ku boma, ikhoza kudindidwa pa 27 Meyi. Ngati muli ndi deti la chidindo, litchuleni. Ngati mulibe, nenani zoona: “Ndinalemba pa 20 Meyi 2024 ndipo inaperekedwa pamanja sabata yotsatira.” Kalaliki adziwa kuti ayang'ane masamba a masiku angapo. Chimene simuyenera kuchita ndi kupeka deti kuti kalata ioneke yokwanira. Akalifufuza n'kulisowa, amayamba kukayika ndi zina zonse zimene mwalemba. N'chifukwa chake kalata yachitatu ya azakhali, yopanda deti ija, sitinaitchule n'komwe.

Gawo lachisanu: funsani za kalata yotumizira

Ili ndi gawo limene anthu ambiri salidziwa, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa ena onse.

Nkhani zambiri sizithera pa ofesi ya m'boma. Zimayambira pa Salima kapena pa Nkhotakota, n'kupita ku likulu ku Lilongwe, ndipo kumeneko zikhoza kudutsa m'maofesi awiri kapena atatu. Ofesi iliyonse ili ndi rejisitile yake ndi manambala ake. Nambala ija ya AB/PF/2317 imagwira ntchito pa ofesi imene inaipereka. Mukakwera minibasi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa Salima kukafika ku Lilongwe n'kukaitchula kumeneko, akhoza kukuuzani kuti nambala imeneyo si yawo, ndipo akunena zoona.

Chimene chimalumikiza maofesi awiriwo ndi kalata yotumizira. Ofesi ya m'boma ikamatumiza mapepala anu, imalemba kalata yoperekeza, yokhala ndi nambala ndi deti. Kalatayo imalembedwa m'kaundula wa makalata otuluka, ndipo ngati yapita pamanja, wolandira amasaina m'buku la mesenjala. Ku likulu imalembedwanso m'kaundula wa makalata obwera. Choncho mukauzidwa kuti “zinapita ku Lilongwe”, musangothokoza n'kunyamuka. Funsani mafunso atatu: zinapita tsiku liti, pa kalata ya nambala yanji, ndipo zinapita ku ofesi iti.

Tinapita limodzi ndi azakhali Lolemba m'mawa, nthawi isanakwane 8 koloko, anthu asanachuluke. Ndinawapatsa kapepala kolembedwa dzina la malemu, nambala ya pa ntchito ndi nambala ya fayilo, ndipo ndinawasiya kuti alankhule okha.

“Mwadzuka bwanji, achimwene? Ndabwera pa nkhani ya malemu amuna anga. Dzina ndi nambala ndi izi.”

Mnyamata wa pa kauntala anayang'ana kapepalako, analowa m'kati, ndipo pasanathe mphindi khumi anatuluka atanyamula fayilo yofiirira yomangidwa ndi kachingwe.

“Mayi, zanu zinatumizidwa kale.”

“Zikomo. Mungandithandizeko deti limene zinapita ndi nambala ya kalata yotumizira, kuti ndikakafunsa kumeneko ndisakavutitse anthu?”

Anatembenuza masamba n'kuwerenga: tsamba 17, pa 15 Epulo 2024. Apa m'pamene tinazindikira kuti makalata awo a mu Meyi ndi mu Juni ankakumbutsa ofesi imene inali itachita kale mbali yake. Azakhali anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, “Mwanangu, ndiye maulendo onse aja ndinkagogoda pa khomo lolakwika.”

Si nthawi zonse pamene adzakupatsani fotokope ya kalata yotumizira, poti ndi kalata ya pakati pa maofesi. Koma nambala ndi deti ambiri amapereka mukapempha mwaulemu. Lembani pomwepo m'kope lanu, muwerengenso mokweza kuti akutsimikizireni. Lembaninso udindo wa amene wakuthandizani. Udindo ndi wodalirika kuposa dzina, chifukwa anthu amasamutsidwa koma mpando umatsala.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lembani kalata ya tsamba limodzi

Tsopano muli ndi zonse. Kalata yokumbutsa ikhale ya tsamba limodzi ndi nkhani imodzi. Ngati muli ndi nkhani ziwiri, monga ndalama za malemu ndi nkhani ya nyumba ya boma, lembani makalata awiri, chifukwa pepala limodzi silingalowe m'mafayilo awiri. Maofesi ambiri amagwira ntchito m'Chingelezi, ndipo ngati muli ndi wokuthandizani kulemba m'Chingelezi, chitani choncho, koma kasanjidwe kake n'komweka. Ilembereni kwa mkulu wa ofesi potchula udindo wake. Kalata yolembedwa dzina la munthu pa envelopu ikhoza kutengedwa ngati yake yapadera, n'kumudikira m'dirowa iye ali ku tchuthi kapena ku msonkhano ku Senga Bay.

Ya azakhali inali motere:

Mudzi wa Uje, Mfumu Yaikulu Khombedza, Salima
15 Julayi 2024

Kwa Mkulu wa Ofesi,

NDALAMA ZA MALEMU UJE, NAMBALA YA PA NTCHITO 654321

Ine ndine mkazi wa malemu amene atchulidwa pamwambapa. Ndikulemba pofuna kudziwa pamene nkhani ya ndalama zawo yafika.

1. Pa 5 Febuluwale 2024 ndinapereka pempho ndi chikalata cha imfa ku ofesi ya m'boma.
2. Ofesiyo inandiyankha pa kalata nambala AB/PF/2317/14 ya pa 18 Malichi 2024, kupempha makope a zitupa.
3. Zitupazo ndinapereka pamanja pa 2 Epulo 2024.
4. Ndauzidwa kuti mapepala onse anatumizidwa ku ofesi yanu pa kalata nambala AB/PF/2317/17 ya pa 15 Epulo 2024.

Ndikupempha kuti mundidziwitse ngati mapepalawa anafika, nambala ya fayilo ya ku ofesi yanu, ndiponso ngati pali china chimene chikusowa.

Ndaphatikiza fotokope ya kalata ya pa 18 Malichi 2024 ndi ya chitupa changa.

Pansi pake panabwera siginecha, dzina lawo lonse m'zilembo zikuluzikulu, ndi nambala ya foni.

Onani zinthu zingapo m'kalatayi. Mutu wokha ukukwanira kuti kalaliki adziwe koyang'ana asanawerenge china. Mzere uliwonse uli ndi deti, ndipo pamene pali nambala yaikidwa. Pa mfundo yachinayi tinalemba kuti “ndauzidwa”, chifukwa kalata yotumizirayo sitinaione ndi maso athu, ndipo n'kofunika kusiyanitsa zimene muli nazo umboni ndi zimene mwangomva. Pempho lakumapeto ndi loti munthu akhoza kuliyankha ndi mzere umodzi. Kulemba kuti “chonde ndithandizeni” kumasiya bwana osadziwa choti achite, pamene funso lakuti “kodi anafika, ndipo chikusowa n'chiyani?” lili ndi yankho.

Azakhali anadandaula kuti za fizi ya ana tazisiya. Ndinawamvetsa. Ngati pali chifukwa chenicheni chofulumizira, chiikeni m'chiganizo chimodzi pambuyo pa pempho, ndi deti lake, monga tsiku limene sukulu ikutsegulira. Koma chisakhale poyambira kalata, ndipo chisakwirire manambala. Mawu aukali ndi oloza chala musaikemo konse. Kalatayo ikhala m'fayilo zaka zambiri, ndipo aliyense wodzagwira nkhani yanu adzaiwerenga.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: perekani makope awiri, limodzi libwerere ndi chidindo

Pangani fotokope ya kalata mutasaina kale. Ku ofesi perekani yeniyeni, ndipo mupemphe kuti adinde kope lanu chidindo cha deti ndi kusainapo. Zimatenga kamphindi, ndipo chidindo chimenecho ndicho chidzakhale mfundo yachisanu m'kalata yotsatira. Yang'anani kuti deti la pa chidindo likuoneka bwino ndiponso ndi la tsikulo, chifukwa nthawi zina amaiwala kulitembenuza m'mawa. Akanena kuti chidindo chili ndi wina amene watuluka, pemphani kuti wolandirayo alembe pamanja deti, udindo wake ndi siginecha.

Zophatikiza zonse zikhale mafotokope. Kalata yeniyeni yochokera ku ofesi isachoke m'manja mwanu. Akafuna kuona chikalata chenicheni, aonetseni n'kubwerera nacho, ndipo ngati n'kofunikadi kuti chitsale, alembe pa kope lanu kuti alandira chenicheni. Mukatumiza pa positi, tumizani ngati kalata yolembetsa kuti mukhale ndi lisiti lokhala ndi nambala. Jambulaninso pepala lililonse pa foni. Kuno chinyezi, chiswe ndi madzi osefukira zimadya mapepala, ndipo malisiti ena a makina amafufutika okha pakapita miyezi.

Mukaimba foni kapena kutumiza uthenga, yambani ndi zomwezo: dzina la mwini fayilo, nambala, ndi deti la kalata yomaliza. Mukadula foni, lembani m'kope tsiku, amene munalankhula naye ndi zimene ananena. Zonenedwa pakamwa sizilowa m'fayilo. Ngati mwauzidwa chinthu chachikulu, monga kuti mubweretse chikalata china, chitchuleni m'kalata yoperekeza chikalatacho: “Monga ndinauzidwa pa foni pa 22 Julayi 2024, ndaphatikiza chakuti.”

Ngati mulibe nambala iliyonse

Ena sanalandirepo kalata ngakhale imodzi kuchokera ku ofesi. Zikatero gwiritsani ntchito zimene muli nazo: dzina lonse, nambala ya pa ntchito kapena ya chitupa, malo omaliza kumene munthuyo ankagwira ntchito, ndi deti limene munapereka mapepala. Pempho lanu loyamba likhale lofuna nambala ya fayiloyo. Amfumu kapena ofesi ina ikakulemberani kalata yokuperekezani, itchuleninso ndi deti lake.

Zimene mayankho amatanthauza

Mukapereka nambala yolondola, yankho limasintha, ndipo yankho lililonse lili ndi funso lake lotsatira. Akati “fayilo ili kwa bwana”, funsani kuti inapita liti, chifukwa kutuluka kwake kunalembedwa. Akati “fayilo sikuoneka”, nthawi zambiri imakhala ili pa tebulo la wina kapena yaikidwa pa shelefu yolakwika. Funsani kuti omaliza kuitenga anali a ofesi iti. Ikasowadi, maofesi amatsegula fayilo yongoyembekezera, ndipo apa makope anu odindidwa aja ndi amene amadzaza fayilo yatsopanoyo. Akati “kuno sizinafike”, bwererani ku ofesi yotumiza ndi nambala ndi deti, mupemphe kuti ayang'ane m'buku la mesenjala kuti anasainira ndani.

Kunena zoona, nambala siibala ndalama. Ngati chikuchedwetsa ndi kusowa kwa ndalama ku thumba la boma, kapena mkangano wa pachibale pa za oyenera kulandira, kalata yabwino singathetse zimenezo. Chimene imachita ndi kukuuzani pamene nkhani yaima ndi chifukwa chake, kuti musamawononge ndalama ya thiransipoti popita kolakwika. Ndipo wina akakuuzani kuti fayilo ipezeka mukapereka “ya fanta”, dziwani kuti kutulutsa fayilo pa shelefu ndi ntchito imene amalandirira kale malipiro. Pemphani kuonana ndi woyang'anira rejisitile, muli ndi kapepala kanu ka manambala m'manja.

Musalembe sabata iliyonse. Kalata iliyonse yatsopano imachititsa kuti fayilo iitanidwe kuchoka pa tebulo pamene imagwiridwa ntchito, kuti pepala lanu limangidwemo. Ine ndimalangiza kudikira milungu itatu kapena inayi, pokhapokha ngati anakupatsani tsiku. Yachiwiri itchule yoyamba ndi deti la chidindo chake. Mukalemba kawiri kapena katatu popanda yankho, lemberani mkulu wa pamwamba pa ofesiyo, n'kuphatikiza makope onse. Zikakanikabe, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kuchedwa kosayenera m'maofesi a boma, ndipo nayonso idzafuna kuona kuti munalemba liti, kwa yani, pa nambala yanji.

Kalata ya azakhali inadindidwa ku likulu pa 17 Julayi 2024. Patapita milungu itatu anaimbiridwa foni. Mapepala anali atafika kalekale mu Epulo, koma fotokope ya chitupa cha mwana wawo wamkulu inali yakuda moti nambala sinkawerengeka, ndipo kalata yopempha ina inatumizidwa ku keyala ya kuntchito kwa malemu, kumene kunalibenso woilandira. Anawapatsa nambala ya fayilo ya ku likuluko, ndipo anailembera pa chikuto cha kope lija, pansi pa yoyamba. Fotokope yatsopano tinakapanga pa Kamuzu Road tsiku lomwelo, tinaiyang'ana padzuwa kuti manambala onse akuoneka, ndipo pamwamba pake tinalembapo dzina la malemu ndi manambala onse awiri tisanaiike mu envelopu.